Nyimbo Ikamadukiza Kuchipinda Kokha, Yang'anani Pomwe Mwaika Rauta

Kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, kuchokera kudooko la Kachulu kudzafika kuminda ya mpunga ya Likangala, intaneti siyenda pa waya. Amene ali nayo m'nyumba, kaya ndi mphunzitsi, wazaumoyo, wogula matemba ndi mpunga, kapena mwini malo ogona alendo, amaitapa mumlengalenga kuchokera pa nsanja ya Airtel kapena ya TNM. Ena ali ndi rauta yolowetsa simukhadi, ena ali ndi kamayifayi kokwana m'thumba, ndipo chiyambire 2023 pomwe Starlink inayamba kugwira ntchito m'dziko muno, m'malo ochepa mukupezeka mbale zoyang'ana kumwamba. M'nyumba zonsezi dandaulo limamveka lofanana: pabalaza nyimbo ikuimba bwinobwino, koma munthu akangolowa kuchipinda chogona kapena kutuluka kupita kukhitchini, nyimboyo iyamba chibwibwi, kuima, kuyambanso, kuimanso.

Anthu ambiri akamva zimenezi amathamangira kunena kuti netiweki yavuta kapena bandulo yatha. Ena amakagula bandulo yaikulu, ena amasintha simukhadi, ena amafika pogula rauta yatsopano n'kuiika pamalo omwewo pomwe panali yakale. Ndalama zonsezo zimangopita, vuto lili pomwepo. Nsanja ya netiweki sidziwa kuti inu muli pabalaza kapena kuchipinda. Ngati kudukiza kukutsata zipinda, ndiye kuti vutolo lili m'kati mwa nyumba yanu, ndipo nthawi zambiri limatha popanda kulipira kanthu.

Nyimbo yokha sifuna intaneti yambiri. Spotify, yomwe inafika ku Malawi mu February 2021, imatumiza nyimbo pa liwiro la 96 kbps kapena 160 kbps, ndipo ngakhale mutasankha mawu abwino kwambiri sipitirira 320 kbps pa nyimbo zopanikizidwa. Wailesi zomvera pa intaneti zambiri zimakhala pakati pa 64 ndi 128 kbps. Pa 128 kbps, mphindi imodzi ya nyimbo imadya pafupifupi megabaiti imodzi basi. Rauta iliyonse ya 4G, ngakhale yotchipa, imanyamula zochuluka kuposa apa maulendo ambirimbiri. Chomwe nyimbo imafuna n'chakuti tizidutswa take tizifika mosalekeza. Foni imasungiratu masekondi angapo a nyimbo isanawaimbe, ndipo kulumikizana kukaduka nthawi yoposa masekondi osungidwawo, mumamva chete. N'chifukwa chake wailesi yomvera pa intaneti, monga Zodiak kapena MBC, imayamba kudukiza msanga kuposa nyimbo ya pa Spotify kapena YouTube. Zomwe zikuulutsidwa nthawi yomweyo sizingasungidwiretu zambiri, pomwe nyimbo yojambulidwa kale foni imatha kuikoka yonse isanafike pakati.

Kuti nyimbo ifike m'makutu mwanu imadutsa malumikizano atatu. Loyamba ndi kuchokera pa nsanja kufika pa rauta. Lachiwiri ndi kuchokera pa rauta kufika pa foni, lomwe ndi wayifayi. Lachitatu, kwa amene amamvera pa sipika yopanda waya, ndi kuchokera pa foni kufika pa sipika, lomwe ndi bulutufu. Musanasunthe chilichonse, pezani kaye kuti mwa atatuwa likuduka ndi liti, ndipo kuyesa kwake n'kosavuta. Lowani m'chipinda chovutacho, zimitsani bulutufu, mumvere nyimbo ya pa intaneti pa sipika ya foni yeniyeniyo kapena pa mahedifoni a waya. Ikapitiriza kudukiza, vuto ndi wayifayi. Kenako yatsaninso bulutufu, zimitsani wayifayi ndi data, muimbe nyimbo yomwe ili kale mu foni kapena pa memore khadi. Ikadukiza apa, intaneti ilibe mlandu, vuto lili pakati pa foni ndi sipika. Palinso mtundu wachitatu womwe umazunguza anthu mutu: wayifayi payokha ili bwino, bulutufu payokha ili bwino, koma zikayatsidwa zonse pamodzi nyimbo ikudukiza. Umenewo tiufika kutsogoloku, chifukwa mankhwala ake ndi ena.

Tiyambe ndi wayifayi, poti ndiyo imalakwa kawirikawiri.

Malangizo ambiri olembedwa m'mayiko akunja amati ikani rauta pakatikati pa nyumba. Ndi malangizo oona, koma analembedwera rauta yolandira intaneti pa waya, yomwe ntchito yake ndi imodzi yokha, kugawira m'nyumba. Rauta ya simukhadi ili ndi ntchito ziwiri zokokana. Iyenera kumva nsanja yomwe ili kunja, mwina makilomita angapo kutali, komanso iyenera kufikira foni yomwe ili m'kati. Wobwera nayo kuchokera ku Zomba amayenda nayo m'nyumba kufunafuna pomwe timagetsi ta netiweki tiyake tonse, ndipo amapapeza pazenera la pabalaza, kungodya kwenikweni kwa nyumba. Apo ndiye pamakhala pake mpaka kalekale. Kumbali ya nsanja wachita bwino. Kumbali ya m'nyumba, theka la mphamvu ya wayifayi likupita pabwalo, ndipo chipinda cha kumapeto chikulandira zotsalira zomwe zapyola makoma atatu.

Rauta ili ngati nyali: imawala mbali zonse, kuwala kwake kumachepa mukamatalikira, ndipo chilichonse choima patsogolo pake chimachititsa mthunzi. Kusiyana kwake n'kwakuti mafunde a wayifayi amapyola khoma, kungoti amatuluka kuseri atafooka. Mphamvu yake imayezedwa ndi nambala yolembedwa kuti dBm, yomwe imakhala ndi kamzere kochotsera kutsogolo. Nambala ikayandikira ziro, mphamvu ndi yambiri. Pa -50 zinthu zili bwino kwambiri. Akatswiri oyala wayifayi amatenga -67 ngati malire a mawu oyenda mosadukiza. Kupitirira -75 foni imayamba kutaya tizidutswa n'kumapempha kuti titumizidwenso, ndipo pofika -85 kulumikizana kumakhala kwa dzina lokha. Timizere ta wayifayi ta pamwamba pa foni sitinena zonsezi momveka. Pulogalamu yaulere ya pa Android monga WiFi Analyzer imaonetsa nambala yeniyeniyo, ndipo mafoni ena amaionetsa mukatsegula dzina la wayifayi yomwe mwalumikizidwako.

Pali malamulo awiri a nambalayi omwe ndi okwanira kuwadziwa. Ikatsika ndi 3, mphamvu yatsika ndi theka. Ndipo mtunda ukawirikiza kawiri, pamalo opanda chotchinga, nambala imatsika ndi 6. Khoma la njerwa zootcha lopaka pulasitala limadya pakati pa 5 ndi 10 pa bandi ya 2.4 GHz, malinga ndi kukhuthala kwake ndi chinyezi chomwe lamwa.

Tiyerekeze nyumba yonga zomwe zili m'mbali mwa msewu wopita ku Kachulu: ya njerwa zootcha, denga la malata, balaza kutsogolo, kakolido pakati, zipinda zitatu zogona. Rauta ili pazenera la pabalaza. Mukaima mamita awiri kuchokera pa rauta, foni ikuwerenga -40. Chipinda cha makolo chili mamita asanu ndi atatu kuchokera pazenerapo. Kuchoka pa mamita awiri kufika anayi, ndi kuchoka pa anayi kufika asanu ndi atatu, mtunda wawirikiza maulendo awiri, ndiye tachotsa 12, tafika pa -52. Pakanakhala popanda makoma, nyimbo ikanaimba popanda vuto. Koma mzere wowongoka kuchokera pa rauta kufika pa bedi ukupyola makoma atatu. Tiwerengere 7 pa khoma lililonse, tachotsanso 21, tafika pa -73. Tsopano mwini nyumba wagona chammbali, foni ili kuseri kwa thupi lake, ndipo thupi la munthu, poti ndi madzi ambiri, limadya enanso 3 kapena kuposa. Tafika cha m'ma -76 kapena -77. Apa uthenga wa WhatsApp umalowa ndithu, chifukwa ukachedwa ndi masekondi awiri palibe amazindikira. Nyimbo ndiyo imaulula.

Tsopano tichotse rautayo pazenera, tiiike pa shelefu pamwamba pomwe balaza likukumana ndi kolido. Mtunda wofika pa bedi watsika kufika mamita anayi, ndipo pakati patsala khoma limodzi. Mamita anayi akutipatsa -46, khoma likuchotsa 7, tili pa -53. Ngakhale thupi litatchinga, tikadali pamwamba pa -60. Kusuntha kwa mamita anayi kapena asanu kwabweza 20, ndipo 20 pa muyeso umenewu ndi mphamvu yochuluka maulendo 100. Palibe rauta yodula yomwe ingakupatseni phindu lotere itasiyidwa pazenera lomwe lija. Nambala za m'nyumba mwanu zidzasiyana ndi izi, koma kawerengedwe kake ndi komweka, ndipo kamaonetsa kuti chimene chimapha wayifayi m'nyumba zathu ndi kuchuluka kwa makoma kuposa kutalika kwa mtunda.

Pa nkhani ya makoma pali chinthu chimodzi chomwe anthu sachiganizira. Mafunde akamenya khoma molunjika amapyola kukhuthala kwake kokha. Akalimenya mopendekera, amayenda m'kati mwa njerwa mtunda wautali, mwina kuwirikiza kawiri kapena katatu. N'chifukwa chake nthawi zina chipinda choyandikana ndi balaza chimavuta kuposa chakutali chomwe chayang'anizana ndi khomo. Muime pomwe pali rauta, muloze ndi chala komwe kuli bedi kapena mpando womwe mumakhalapo pomvera nyimbo, muone zomwe mzere umenewo ukudutsa. Ngati ukuyenda motsatira khoma lalitali, kusuntha rauta ndi mita imodzi yokha kungasinthe zambiri. Makomo nawo ndi njira. Chitseko cha thabwa sichidya zambiri, koma chachitsulo chimatseka pafupifupi zonse.

Chitsulo ndi madzi ndiwo adani aakulu, ndipo m'nyumba za kuno zonse ziwiri n'zosasowa. Chitsulo chimabweza mafunde. Firiji, kabati yachitsulo, wailesi yakanema, galasi lalikulu loonera lomwe kuseri kwake kuli kansalu kopyapyala kachitsulo, zonsezi zimasiya mthunzi kuseri kwake. Waya wa udzudzu wachitsulo wa pazenera, yemwe kuno kufupi ndi madambo a Chilwa munthu sangakhale wopanda, amatchinga kwambiri chifukwa timabowo take n'tating'ono poyerekeza ndi funde la wayifayi, lomwe kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 12 pa 2.4 GHz ndi 6 pa 5 GHz. Wa pulasitiki alibe vuto limeneli. Madzi amamwa mafunde: diramu la madzi mu kolido, zidebe zodzaza, ngakhale matumba a mpunga wosauma bwino ounjikidwa mpaka kudenga m'chipinda chapakati nthawi yokolola. Khitchini kapena chipinda cha anyamata chomangidwa padera kuseri kwa nyumba, makamaka chikakhala cha malata mbali zonse, chimakhala pamthunzi weniweni.

Choncho rauta ikhale pamwamba, cha pamsinkhu wa mutu wa munthu wamkulu kapena kupitirira pang'ono, pamalo oonekera. Isakhale pansi, kuseri kwa wailesi yakanema, kapena m'kabati. Ndikudziwa chifukwa chake ambiri amaibisa m'kabati: ana amaseweretsa, fumbi ndi lambiri, ndipo chinthu chodula sichionetsedwa kwa aliyense wodutsa. Zifukwazo n'zomveka, koma shelefu yokhomedwa pamwamba imathetsa zonsezo popanda kutsekera mafunde. Musaikwezenso mpaka m'siling'i pansi pa malata. Mwezi wa October kutentha kwa m'menemo kumapitirira madigiri 40 omwe marauta ambiri a m'nyumba anapangidwira, ndipo rauta yotenthedwa imachedwa kapena kuzima yokha. Ngati ili ndi tinyanga toonekera, tiimikeni chilili, chifukwa kanyanga koimirira kamamwaza mafunde m'mbali mozungulira, momwe nyumba yosasanjikiza imafunira.

Koma pano ndi pomwe pali mfundo yovuta ya rauta ya simukhadi. Mukaichotsa pazenera, kodi nsanja idzaimvabe? Osangoganizira, yesani. Pansi pa rauta pamakhala pepala lomata lolembedwa adiresi ya tsamba lake ndi pasiwedi. Marauta ambiri a Huawei amatsegulidwa polemba `192.168.8.1` mu Chrome, ena `192.168.0.1` kapena `192.168.1.1`. M'tsambamo, nthawi zambiri pomwe palembedwa Device Information, mumapezeka nambala ziwiri zonena za nsanja: RSRP, yomwe ndi mphamvu, ndi SINR, yomwe imanena kuti mafundewo ndi oyera bwanji poyerekeza ndi phokoso. RSRP ya -90 kapena yoyandikira ziro kuposa apo ndi yabwino, ya -100 ndi yogwirika, yopitirira -110 ndi yofooka. SINR yoposa 10 ndi yabwino, yoyandikira ziro ndi yovuta. Lembani nambalazi rauta ili pazenera, muisunthe, mudikire mphindi ziwiri, mulembenso. Ngati RSRP yachoka pa -92 kufika pa -98 ndipo SINR sinagwe kwambiri, mwataya pang'ono kunja n'kupindula kwambiri m'kati, ndipo kwa nyimbo kumeneko ndi kusinthana kwabwino. Ngati yagwa kufika pa -112, malo amenewo sakuyenera.

Chigwa cha Chilwa n'chathyathyathya, ndipo zimenezi zimathandiza, chifukwa pakati pa nyumba ndi nsanja nthawi zambiri sipakhala phiri. Nyumba ikhoza kukhala ndi mazenera awiri kapena atatu omwe amamva nsanja mofanana, ndipo mwa amenewo limodzi limakhala pafupi ndi pakati pa nyumba, mwina la chipinda chodyera kapena la kumapeto kwa kolido. Limenelo ndilo muyenera kulifuna. Kumene netiweki ndi yofooka moti zenera limodzi lokha ndilo limagwira, njira yabwino ndi kulekanitsa ntchito ziwiri zija. Marauta ena ali ndi timabowo tiwiri kumbuyo tolumikizira mlongoti wakunja. Mlongoti ukwere pa mtengo panja kuyang'ana nsanja, rauta ilowe m'kati. Waya wa mlongotiwo usatalike kwambiri, chifukwa nawo umadya mphamvu pa mita iliyonse. Njira ina ndi kusiya rauta ya simukhadi pazenera, n'kukoka waya wa netiweki kupita pa rauta yachiwiri wamba yoikidwa pakati pa nyumba. Waya umenewu umayenda mpaka mamita 100 osataya kanthu, ndipo ndi womwe ungafikitse intaneti kukhitchini ya padera kapena kuzipinda za alendo.

Chodandaula chomwe chimabwera nthawi zonse n'chakuti soketi ili pabalaza pokha, kapena batire ya sola ili pakona pomwe waya wochokera padenga unalowera. Marauta ambiri a m'nyumba amagwiritsa ntchito mavolti 12 ndipo amadya magetsi ochepa, choncho waya wowonjezera wa mamita ochepa, wokhuthala bwino ndi wolumikizidwa ndi munthu wodziwa za magetsi, umakwana. Mtengo wake sufika pa bandulo zomwe zimatayika pofuna kuchiza vuto lolakwika.

Tsopano za mabandi. Rauta zina zimaulutsa mayina awiri a wayifayi, lina lotha ndi `2.4G`, lina lotha ndi `5G` kapena `5GHz`. Dzina lachiwirili lasokoneza anthu ambiri. Silikukhudzana ndi netiweki ya 5G ya mafoni, yomwe TNM inayamba kuyesa mu 2023 m'malo ochepa a ku Blantyre ndi Lilongwe. Apa 5 akungonena za mafunde a 5 GHz oyenda pakati pa rauta ndi foni m'nyumba momwemo. Munthu akaona 5 amaganiza kuti ndiye wabwino kuposa 2.4, n'kulumikiza mafoni onse kumeneko. Pabalaza amaonadi liwiro. Kuchipinda amapeza mavuto oposa akale.

Chifukwa chake n'chakuti 5 GHz imafika yofooka pa mtunda womwewo, ndi 6 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo makoma amaidya kwambiri. Tibwerere kunyumba ija, tiwerengere 10 pa khoma lililonse. Rauta ili pazenera: mtunda ukutipatsa -58, makoma atatu akuchotsa 30, tafika pa -88, pomwe foni singagwire chilichonse. Rauta ili pa shelefu ya pakati: -52 kuchotsa 10, tili pa -62, ndipo nyimbo ikuimba. Ndiye funso loti bandi yabwino ndi iti lilibe yankho musanakonze malo a rauta.

M'matauni, monga ku Ndirande kapena ku Area 25 komwe nyumba zathithikana ndipo foni imaona mayina a wayifayi ambirimbiri, anthu amathawira ku 5 GHz chifukwa 2.4 GHz yadzaza. Bandi ya 2.4 GHz ili ndi matchanelo atatu okha osalowerana, 1, 6 ndi 11, ndipo oyandikana nyumba akachuluka amalimbirana. Kumidzi ya kwa Mwambo vuto limenelo n'losowa. Foni yanu ikhoza kuona wayifayi yanu yokha. Ine ndimaona kuti kwa nyumba zambiri za kuno 2.4 GHz ndiyo yoyenera zipinda zakutali, ndipo malangizo a m'tauni oti aliyense asamukire ku 5 GHz amalakwitsa anthu. Kupatulapo ndi amene akukhala pamsika, monga pa Jali kapena pa Kachulu penipeni, pomwe masitolo, mamayifayi ndi mafoni ogawira anzawo intaneti amachuluka madzulo. Kumeneko tsegulani WiFi Analyzer muone tchanelo chomwe chili ndi anthu ochepa mwa zitatu zija, muchisankhe m'tsamba la rauta, ndipo pomwe palembedwa Bandwidth kapena Channel Width musankhe 20 MHz m'malo mwa 40 MHz. Liwiro lapamwamba limatsika, koma kulumikizana kumakhazikika, ndipo nyimbo imafuna kukhazikikako.

Tifike tsopano pa vuto lachitatu lija, loti wayifayi ndi bulutufu zimakanika zikayatsidwa pamodzi. Mu 1985 bungwe loyang'anira mafunde ku America, la FCC, linalola kuti bandi ya 2.4 GHz igwiritsidwe ntchito popanda laisensi, ndipo opanga zipangizo anakhamukira komweko. Wayifayi ili mmenemo, bulutufu ilinso mmenemo, ikudumphadumpha pa timatchanelo 79 maulendo 1,600 pa sekondi. M'mafoni ambiri, makamaka otchipa, zonse ziwiri zimagwiritsa ntchito kachipangizo kamodzi ndi kanyanga kamodzi, n'kumasinthana nthawi. Pabalaza, pomwe wayifayi ili yamphamvu, foni imalandira gawo la nyimbo m'kanthawi kochepa n'kusiyira bulutufu mpata. Kuchipinda, pomwe wayifayi yafooka, foni ndi rauta zimatsitsa liwiro n'kumabwereza zomwe zatayika, ndipo gawo lomwelo la nyimbo limatenga nthawi yaitali. Bulutufu imasowa mpata, sipika imadikira, inu mumamva kudukiza. Apa ndi pomwe 5 GHz imathandiza kwenikweni: wayifayi ikasamukira kumeneko, bulutufu imatsala yokha pa 2.4 GHz. Koma izi zimatheka ngati mphamvu ya 5 GHz m'chipindamo ili pa -67 kapena kuposa, ndiye tabwereranso ku shelefu ya pakati pa nyumba.

Si aliyense ali ndi mwayi wosankha. Mamayifayi ambiri ndi marauta otchipa a simukhadi amaulutsa 2.4 GHz yokha, ndipo mafoni ena otchipa saona n'komwe dzina la 5 GHz ngakhale litakhalapo. Ngati zipangizo zanu zili choncho, chomwe mungachite ndi kulimbitsa wayifayi posuntha rauta, kuyandikitsa foni ku sipika, kapena kulumikiza sipika ndi waya wa mahedifoni, womwe umachotseratu mkangano wonsewo. Ponena za bulutufu payokha, kumbukirani kuti inapangidwira mamita pafupifupi 10 pamalo opanda chotchinga. Foni ikakhala m'thumba la kumbuyo, munthu ali kukhitchini, sipika ili pakhonde, khoma limodzi ndi thupi limodzi n'zokwanira kuidula.

Marauta a mabandi awiri ambiri amabwera atasakaniza mabandiwo pansi pa dzina limodzi, kuti foni ndi rauta zizisankha zokha. M'tsamba la rauta zimenezi zimalembedwa mosiyanasiyana, monga Smart Connect, Band Steering kapena 5 GHz preferred. Ganizo lake n'labwino, koma m'nyumba ya njerwa limabala chizindikiro chodziwika: mukuyenda kuchokera pabalaza kupita kuchipinda, nyimbo ikuima masekondi angapo, kenako ikupitiriza yokha, kapena foni ikukakamira pa 5 GHz yofooka mpaka mutazimitsa wayifayi n'kuyatsanso. Mukaona zotere, zimitsani kusakanizako, mupatse bandi iliyonse dzina lake. Wailesi yakanema ndi laputopu zomwe sizichoka pabalaza zikhale pa 5 GHz. Foni yomwe imayenda nanu mpaka kukhitchini ikhale pa 2.4 GHz, ndipo muiuze kuti iiwale dzina linalo posankha Forget. Kugawa motere kuli ndi phindu lina. Foni yakutali yolankhula pang'onopang'ono imadya nthawi ya onse omwe ali pa bandi yomweyo, ndiye kanema wa pabalaza akachoka pa 2.4 GHz, nyimbo ya kuchipinda imapeza mpata wokwanira.

Amene ali ndi laputopu ya Windows angathe kutsimikiza zonsezi ndi maso. Tsegulani Command Prompt mulembe lamulo ili, pogwiritsa ntchito adiresi ya rauta yanu:

```
ping -t 192.168.8.1
```

Lamuloli limatumiza kauthenga ku rauta sekondi iliyonse n'kuonetsa nthawi yomwe yankho latenga. Silidutsa pa nsanja, choncho likuyeza wayifayi yokha ndipo silidya bandulo. Pafupi ndi rauta mayankho amabwera m'mamilisekondi osapitirira 10. Yendani nayo laputopuyo pang'onopang'ono kupita kuchipinda chovuta. Mukaona nambala zikulumpha kufika m'mahandiredi, kapena mzere woti `Request timed out`, mwapeza pomwe pakuduka. Ngati mayankho a rauta ali bwino m'zipinda zonse koma nyimbo ikudukizabe, yesani `ping -t 8.8.8.8`. Amenewa akamatayika pomwe a rauta sakutayika, ndiye kuti vuto lilidi kunja, pakati pa rauta ndi nsanja. Chizindikiro chake china n'chakuti limagwira zipinda zonse nthawi imodzi, kawirikawiri madzulo pomwe anthu ambiri ali pa intaneti. Kudukiza kwa nyumba yonse usiku kungachokerenso ku batire ya sola yomwe yatsika mphamvu, rauta n'kumazima ndi kuyaka yokha. Mukayang'ana timagetsi take mudzationa tikuyambiranso.

Ogulitsa zipangizo ku Zomba ndi ku Limbe angakuuzeni za kachipangizo kolumikiza pa soketi kobwereza wayifayi. Kamagwira ntchito, koma anthu amakaika m'chipinda chovutacho, momwe nako kamalandira mafunde ofooka omwewo n'kuwabwereza. Foni imaonetsa timizere tonse, nyimbo ikudukizabe. Malo ake ndi pakati pa njira, pomwe mphamvu ikadali cha m'ma -60. Dziwaninso kuti kamtundu wotchipa kamalandira ndi kutumiza pa tchanelo chimodzi, ndiye liwiro limatsika pafupifupi ndi theka. Kwa nyimbo theka limenelo n'lokwanira, koma komwe waya ungadutse, waya ndi rauta yachiwiri zimakhazikika bwino kuposa.

Pomaliza kusankha malo, musakhomeretu shelefu tsiku lomwelo. Ikani rauta pa mpando wokwezedwa kapena pamwamba pa kabati yathabwa kwa masiku angapo, muyese madzulo pomwe banja lonse lili m'nyumba, zitseko zili zotseka, mafoni onse ali pa intaneti, chifukwa nambala za masana m'nyumba yopanda anthu zimanamiza. Ndipo musakhutire ndi -67 yeniyeni m'chipinda chakutali. Njerwa yonyowa imamwa mafunde kuposa youma, ndipo kuno kuchigwa, komwe madzi amakhala pafupi ndi nthaka, makoma ambiri amakwera chinyezi kuyambira January mpaka March. Malo omwe akungokwanira mu September akhoza kuyamba kudukiza mvula ikakhazikika. Ngati mukuyesa m'chilimwe, funani malo omwe akupatsa chipinda chakutali -60 kapena kuposa, kuti nyengo ya dzinja ikadya gawo lake mutsale muli pamwamba pa malire.